Katundu wafika wowonongeka: momwe mungauzire wokugulitsani ndi kufunsa za inshuwaransi

Tiyerekeze kuti mwaitanitsa kontena ya mafiti 20 ya matailosi kuchokera ku China, makatoni 900. Yatsikira pa doko la Beira, thiraki yaidutsitsa ku Tete ndi pa chipata cha Mwanza, ndipo lero yaima pakhomo pa sitolo yanu ku Limbe. Anyamata atsegula chitseko, mapaleti awiri akutsogolo apendekeka, makatoni ang'ambika, zidutswa zikugwera pansi. Ambiri apa amatenga foni n'kulembera wogulitsa uthenga waukali pa WhatsApp, kenako n'kukhala pansi kudikira yankho. Kudikirako n'komwe kumaluzitsa ndalama. Wogulitsa ndi mmodzi chabe mwa anthu atatu ofunika kuwauza, pamodzi ndi onyamula katundu ndi a inshuwaransi, ndipo kawirikawiri si iye amene adzalipire. Kalata yopita kwa iye ntchito yake n'kukupezerani mapepala ndi mayankho oti mukayambire nawo kwa a inshuwaransi, ndiye iyenera kulembedwa umboni uli kale m'manja.

1. Musanasaine pepala la dalaivala

Dalaivala amabwera ndi delivale noti, ndipo amakhala pa changu chifukwa akufuna abwerere ku Beira ndi kontena yopanda kanthu. Mukasaina osalembapo chilichonse, mwavomera kuti katundu wafika bwino, ndipo kampani ya thiraki idzakuonetsani siginecha yanu yomweyo tsiku lomwe mudzadandaule.

Yambani kontena isanatsegulidwe. Jambulani mbali zake zonse, nambala yake, ndi silo, kachomatira ka nambala kotsekera chitseko, moti nambalayo iwerengeke. Yerekezani nambala ya siloyo ndi yomwe ili pa chikalata cha sitima, chija amachitchula kuti B/L. Ikasiyana, funsani ejenti wanu ngati a kasitomu anatsegula pa njira n'kuikapo ina, ndipo akupatseni pepala lotsimikiza. Mukatsegula, jambulani katundu ali momwe wafikira, katoni imodzi isanasunthidwe. Chithunzi chimenechi chimaposa zonse, chifukwa n'chimene chimaonetsa ngati mapaleti anamangidwa kapena anangoikidwa.

Kenako lembani pa delivale noti zomwe mwaona, m'Chingerezi monga mmene pepalalo lilili. Musalembe mawu aja oti "ndalandira osayang'ana", sathandiza kanthu. Lembani kuti mapaleti awiri agwa, makatoni ang'ambika, matailosi asweka, ndipo chiwerengero chonse chidziwika mukawerenga. Dalaivala asainepo, inu mujambule pepalalo. Akakana, lembani kuti wakana, ndi nthawi yake. Musakangane naye. "Achimwene, sitikunena kuti mwaswa ndinu, tikungolemba zomwe tonse taona." Nthawi zambiri mawu amenewa amakwanira.

Kontena ikatsala yopanda kanthu, lowanimo wina akutsekereni chitseko pang'ono. Pomwe pakulowa kuwala pali bowo. Onaninso pansi ndi m'makoma ngati pali popindika. Ikangochoka simudzaionanso.

2. Patulani, werengani, musataye kanthu

Ikani makatoni owonongeka pa okha, ndipo muwawerenge m'magulu. Mu chitsanzo chathu tipeze makatoni 80 omwe matailosi onse asweka, ndi 40 omwe asweka theka. Lembani pa pepala, ndi mtundu wa tailosi monga mmene walembedwera pa invoisi. Makatoni ong'ambika, zingwe zomangira, matabwa a paleti othyoka, zonse zisungidwe. Osagulitsa zidutswa kwa amisiri ngakhale atakupatsani mtengo wabwino, saveya, woyendera zowonongeka wa a inshuwaransi, asanabwere. Komanso mutetezeni katunduyo kuti asaonongekenso: a inshuwaransi amayembekezera kuti muchepetse chiwonongeko, ndipo zomwe zanyowera mvula pabwalo panu sazilipira.

3. Onani zilembo zitatu za pa invoisi

Musanalembe kalata, tsegulani invoisi muone zilembo zomwe zili pafupi ndi mtengo. Zimachokera m'malamulo a malonda otchedwa Incoterms, omwe anakonzedwanso mu 2020, ndipo ndizo zimanena kuti tsoka la pa njira ndi la ndani.

Pakalembedwa DAP Blantyre, katundu ali m'manja mwa wogulitsa mpaka atafika pamalo omwe munagwirizana. Zikatero kuthamanga ndi a inshuwaransi ndi kwake, inu mumangomupatsa umboni n'kumufunsa ngati akutumizireni wina kapena akuchotsereni pa mtengo. Pakalembedwa EXW kapena FOB, wogulitsa alibe udindo wogula inshuwaransi, ndiye ngati inu simunagule yanu, palibe koti mukapemphe kupatula kwa onyamula. Pomwe anthu amasokonezeka kwambiri ndi pa CIF ndi CIP. Apa wogulitsa amalipira mayendedwe ndi inshuwaransi, motero wogula amaganiza kuti katundu akawonongeka mlandu ndi wa wogulitsa. Sizili choncho. Pa CIF, tsoka limasamukira kwa inu katundu akangokwera sitima ku doko lomwe wachokera. Wogulitsa anakugulirani inshuwaransi, koma wokapempha ndalama ndinu.

Pali misampha iwiri pa CIF yomwe imatigwira ife a m'dziko lopanda doko. Woyamba ndi mtundu wa inshuwaransi. Wogulitsa amaloledwa kugula yotsikitsitsa, yolembedwa Institute Cargo Clauses (C). Imeneyi imalipira ngozi zikuluzikulu: moto, sitima kumira kapena kugunda, thiraki kugubuduzika, sitima ya pamtunda kuchoka mu njanji. Silipira kusweka kobwera chifukwa chogwetsa kontena pa doko kapena mabampu a mu msewu, silipira kunyowa, silipira kuba. Yomwe imafika pa zotere ndi ya (A), ndipo pa malamulo a 2020 imakakamizidwa pa CIP pokha. Msampha wachiwiri ndi pomwe inshuwaransi imathera. Ngati setifiketi ya inshuwaransi yalemba kuti ulendo ukuthera ku Beira, mtunda wa Beira mpaka Limbe ukhoza kukhala kunja, pamene zinthu zosweka zambiri zimaswekera mu msewu womwewo. Pafunika palembedwe Blantyre kapena Lilongwe ngati kothera. Ndipo ngakhale palembedwe, chitetezo chimatha katundu akalowa mosungiramo mwanu, kapena pakatha masiku 60 chitsikire m'sitima, chomwe chayambacho. Kontena yokhalitsa pa doko imatha kudya masiku amenewa inu osadziwa.

4. Lembani kalata kwa wogulitsa tsiku lomwelo

Tumizani pa imelo. WhatsApp ikhale yongomudziwitsa kuti aone imelo, chifukwa a inshuwaransi adzafuna kuona tsiku lomwe munanena, ndipo mauthenga a mawu sathandiza. Kalata ikhale ya zinthu zinayi: katundu wake ndi uti, mwapeza chiyani, mwachitapo chiyani, ndipo mukufuna chiyani kwa iye. Musanene chomwe chaswa katundu ngati simukudziwa. Mukalemba kuti "mwalongedza moipa" musanatsimikize, mwadzitchera nokha, chifukwa kulongedza moperewera ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe a inshuwaransi amakanira kulipira, ngakhale pa (A). Musalembenso kuti "dalaivala wathu amathamanga". Nenani zomwe maso aona basi.

Nayi kalata ya chitsanzo chathu. Muitembenuze m'chilankhulo chomwe mumachitira naye malonda, ndipo muike manambala anu.

Okondedwa a Bwana,

Tikukudziwitsani kuti katundu wa pa invoisi yanu nambala yakutiyakuti, yemwe anabwera mu kontena nambala yakutiyakuti pa B/L nambala yakutiyakuti, wafika ku sitolo yathu ku Limbe lero m'mawa ali wowonongeka. Silo inali yosadulidwa, ndipo nambala yake ikufanana ndi ya pa B/L. Titatsegula tapeza mapaleti awiri akutsogolo atapendekeka. Pa makatoni 900, makatoni 80 asweka onse ndipo 40 asweka theka. Chiwerengerochi n'choyamba, chikhoza kusintha saveya akayendera.

Talemba za kuwonongekaku pa delivale noti ndipo dalaivala wasaina. Katundu wowonongeka, makatoni ake ndi zomangira tazisunga pa zokha. Tatumiza kale kalata kwa kampani ya sitima ndi ya thiraki. Zithunzi, delivale noti ndi ndandanda ya zowonongeka taziphatikiza pano.

Popeza tinagula pa CIF, tikupempha kuti mutithandize izi pofika mawa madzulo. Titumizireni setifiketi ya inshuwaransi yeniyeni, yosainidwa kumbuyo kuti ufulu wopempha malipiro ukhale wathu. Tiuzeni ngati ndi ya (A), (B) kapena (C), komwe ikuthera, ndi ndalama yomwe amachotsa pa malipiro. Tipatseni dzina ndi foni ya ejenti wa inshuwaransiyo woyang'anira Malawi kapena Beira. Tiuzeni ngati pempho tilipereke tokha kwa ejentiyo kapena lidzere kwa inu, mapepala omwe amafuna, ndi masiku omwe tili nawo. Titumizireninso zithunzi za tsiku lomwe mumapakira kontenayi.

Kalatayi sikutichotsera ufulu uliwonse womwe tili nawo pa mgwirizano wathu.

Ndife anu pa malonda.

Zithunzi za tsiku lopakira musaziiwale. Mafakitale ambiri amajambula kontena ili theka, itadzaza, ndi chitseko chimodzi chitatsekedwa. Zikaonetsa mapaleti omangidwa bwino, ndi matabwa kapena matumba a mpweya otsekera mipata, ndiye kuti vuto linachitika pa njira ndipo pempho lanu lalimba. Zikaonetsa mpata waukulu pakati pa paleti yomaliza ndi chitseko, nkhani yasintha: a inshuwaransi akhoza kukana, ndipo mlandu ubwerera kwa wogulitsa chifukwa kulongedza koyenera ulendo ndi udindo wake. Wogulitsa amene akuzengereza ndi zithunzizi, ine ndimayamba kumukayikira.

Za kusaina kumbuyo kwa setifiketi zimaoneka zazing'ono koma zimaimitsa zonse. Setifiketi nthawi zambiri imatuluka m'dzina la wogulitsa. Akapanda kuisamutsira kwa inu, a inshuwaransi adzakufunsani kuti ndinu ndani. Ngati munalipira kudzera ku banki ndipo mapepala anabwera pamodzi ndi B/L, yang'anani mu emvulopu yomweyo, mwina muli nayo kale.

5. Musadikire yankho kuti muuze onyamula ndi a inshuwaransi

Ku China kuli patsogolo ndi maola 6, ndiye imelo yotumizidwa masana kuno imawapeza ataweruka. Mukadikira, tsiku lapita. Onyamula katundu ali ndi masiku awo owerengeka. Pa malamulo a Hague ndi a Hague-Visby, omwe ma B/L ambiri amatsata, kuwonongeka kooneka kumanenedwa pa nthawi yolandira, kosaonekera kunja pasanathe masiku atatu. Mukachedwa sikuti ufulu watha, koma lamulo limayamba kuganiza kuti katundu anaperekedwa ali bwino, ndipo ntchito yotsutsa imakhala yanu. Chomwe chimatha ndithu ndi nthawi yosumira: chaka chimodzi. Katundu wobwera pa ndege, pa pangano la Montreal, ali ndi masiku 14, ndipo awa mukawaphonya mwatseka khomo.

Onaninso kuti kampani ya sitima inapereka katundu kuti. Ngati B/L ikuthera ku Beira ndipo thiraki munapeza nokha, kwa iwo katundu anaperekedwa tsiku lomwe thiraki inatuluka pa doko, moti masiku atatu aja akhoza kukhala atatha kontena ili pa mzere ku Mwanza. Lembanibe. Kalata yake ndi yaifupi: nambala ya B/L ndi ya kontena, zomwe mwapeza, mawu oti mukuwaona kuti ali ndi udindo pa kuwonongekaku, ndi kuwaitana kuti adzakhalepo saveya akamayendera. Yofanana nayo ipite kwa a thiraki. Ambiri a iwo amanyamula pa mfundo yoti tsoka ndi la mwini katundu, koma kalatayo imafunikabe.

Chifukwa chake n'chakuti a inshuwaransi akakulipirani, amatenga ufulu wanu n'kukalondola ndalama zawo kwa wonyamula. Mukawatayira ufuluwo posalemba kalata, akhoza kukudulani malipiro. Musayembekezere zambiri kuchokera kwa a sitima okha, chifukwa pa Hague-Visby malipiro awo ali ndi malire pa katoni kapena pa kilogalamu, ndipo amayamba ndi kunena kuti kontena anapakira ndi wogulitsa, iwo sanaone za m'kati.

Ngati setifiketi muli nayo kale, dzina la ejenti woyendera zowonongeka limalembedwa pamenepo, kawirikawiri cha m'munsi. Muimbireni lero lomwe, kenako mutsatize imelo. Kupeza saveya wanuwanu osawafunsa kumatha kukubweretserani lipoti lomwe iwo salivomereza.

6. Tsiku la saveya ndi mapepala

Saveya amabwera kudzaona zinthu zitatu: kuchuluka kwa zowonongeka, chomwe chachititsa, ndi pomwe zinachitikira. Khalanipo nokha, musasiyire mlonda. Muonetseni zithunzi za kontena isanatsitsidwe, ndipo muwerengere limodzi. Pakakhala kunyowa amatha kuyeza ngati ndi madzi amchere kapena a mvula, zomwe zimaonetsa ngati zinachitikira pa nyanja kapena pa mtunda. Funsani poyamba amene alipire saveyayo. Nthawi zambiri mumayamba mwalipira ndinu, n'kudzabwezeredwa pempho likavomerezedwa, ndiye sungani lisiti.

Mapepala omwe amafunidwa sasintha kwenikweni: setifiketi ya inshuwaransi, invoisi, ndandanda ya zolongedza, B/L, delivale noti yolembedwa zija, makalata omwe munalembera onyamula ndi mayankho awo, lipoti la saveya, zithunzi, ndi pepala lanu lowerengera ndalama zomwe mukupempha. Tumizani zonse pamodzi, ndipo mufunse nambala ya pempho lanu kuti muziitchula pa imelo iliyonse.

7. Werengani nokha zomwe mukuyembekezera

Tiyerekeze kuti invoisi ya CIF ndi madola 9,000, kutanthauza madola 10 pa katoni. Inshuwaransi ya CIF imakhala ya mtengowo kuonjezerapo 10 pa 100 iliyonse, ndiye setifiketi ilemba madola 9,900, kapena kuti madola 11 pa katoni. Makatoni 80 osweka onse ndi madola 880. Makatoni 40 osweka theka, saveya akavomereza kuti ndi theka ndithu, ndi madola 220. Zonse pamodzi 1,100. Ngati setifiketi ikunena kuti amachotsa 1 pa 100 iliyonse ya madola 9,900 aja, achotsa madola 99, inu mulandira 1,001. Akakulolani kugulitsa zidutswa, ndalama yomwe mwapezapo imachotsedwanso. Pa katundu wosachedwa kusweka ngati matailosi ndi magalasi, gawo lochotsali limatha kukhala lalikulu, n'chifukwa chake tinalifunsa m'kalata.

Onani zomwe mulibe m'masamu amenewa. Msonkho womwe munalipira ku MRA pa makatoni 120 aja sulowamo pokhapokha unaikidwa pa inshuwaransi mwapadera. Ndalama ya thiraki ya Beira mpaka Limbe ilibemo ngati mtengo unawerengedwa mpaka Beira. Phindu lomwe mukanapeza, ndi kasitomala yemwe wathawa chifukwa chochedwa, salipira. Masamu onsewa akugwira ngati setifiketi ndi ya (A) ndipo ikufika ku Blantyre. Ikakhala ya (C) ndipo thiraki sinagubuduzike, masamu ake ndi ziro.

8. Wogulitsa akayankha

Mayankho ake amabwera mitundu ingapo. Wabwino amatumiza setifiketi, dzina la ejenti ndi zithunzi tsiku limodzi, ndipo apa ntchito yake yatha, yotsala ndi yanu. Wina amati "musadandaule, tizithamangira ndife". Vomerani thandizolo, koma mufunse nambala ya pempho ndi kuti ndalama ikatuluka ilowa mu akaunti ya ndani, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ndinaonapo mnzanga wa sitolo akudikira miyezi ingapo pa mawu oterewa, mpaka kudzapeza kuti pempho silinaperekedwe n'komwe.

Wina amati akuchotserani pa oda yotsatira. Ngati setifiketi ndi ya (C), mwina n'zokhazo zomwe mungapeze, ndipo si zoipa. Koma alembe kuchuluka kwa ndalama pa pepala la ngongole yake kwa inu, ndipo musasaine mawu oti nkhani yonse yatha pempho la inshuwaransi lisanayankhidwe. Mukalandira kanthu kwa iye pa makatoni omwewo, auzeni a inshuwaransi, chifukwa katundu mmodzi salipidwa kawiri.

Pamakhala chiyeso chogwira ndalama yotsala ya wogulitsa mpaka nkhani ithe. Pa DAP muli ndi poyambira. Pa CIF samalani: ngati iye anapakira katundu wabwino n'kupereka mapepala oyenera, wakwaniritsa mbali yake, ndipo mukakana kulipira wophwanya mgwirizano ndinu. Zimasintha pokhapokha lipoti la saveya litanena kuti vuto ndi kalongedzedwe, kapena mutapeza kuti inshuwaransi yomwe mgwirizano umafuna sanagule. Zikatero mulembereninso kalata yachiwiri, muphatikize lipotilo ndi kalata yokana ya a inshuwaransi, mutchule madola 1,000 a mtengo wa pa invoisi wa makatoni aja (800 pa osweka onse, 200 pa osweka theka) pamodzi ndi zomwe munalipira saveya, ndipo mumupatse tsiku loti ayankhe.

Akangokhala chete, mukumbutseni pakatha masiku awiri pa imelo yomweyo, n'kumuimbiranso. Ngati nambala ya inshuwaransi ikuoneka pa pepala lililonse lomwe muli nalo, lemberani kampani ya inshuwaransiyo mwachindunji, muwauze kuti ndinu wolandira katundu ndipo setifiketi mukuidikira kwa wogulitsa, kuti tsiku lomwe mwanena lilembedwe m'mabuku mwawo.